Masabata anayi a madzulo okha: ndondomeko yokonzekera mayeso olemba a laisensi

Funso: "Ndimagwira ntchito m'sitolo pa Nchalo, ndimaweruka 5 koloko madzulo, Loweruka masana. Kwatsala mwezi umodzi kuti ndikalembe mayeso a malamulo a pamsewu a laisensi ya kodi B. Buku ndili nalo, koma ndikalitsegula usiku ndimangosinza, m'mawa mwake zonse zauluka. Ndigawe bwanji masabata anayiwa?"

Yankho: Achimwene, vuto si mutu wanu. Munthu amene waima tsiku lonse m'kutentha kwa kuno kuchigwa sangaloweze kanthu pongoyendetsa maso pabuku. Chimene chimakhazikika m'mutu ndi chimene mwachikumbukira buku lili chotseka. Choncho ndondomeko yonseyi yamangidwa pa kudzifunsa, ndipo kuwerenga kwenikweni ndi theka chabe la nthawi.

Muzipatula mphindi 50 madzulo aliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ola limodzi ndi theka Loweruka masana. Lamulungu muzipuma. Pamasabata anayi amenewa ndi maola pafupifupi 23, ndipo ndi okwanira. Mphindi 50 zija zigawike patatu. Mphindi 10 zoyamba buku likhale lotseka, mulembe kapena kunena mokweza zimene munaphunzira dzulo. Mphindi 25 zotsatira ndi za mutu watsopano, umodzi wokha. Mphindi 15 zomaliza muyankhe mafunso a mutu womwewo, molemba, musanasuzumire mayankho.

Nthawi yake isankheni mwanzeru. Mukafika kunyumba sambani, mwani madzi, ndipo yambani cha m'ma 6 koloko nsima isanalowe m'mimba. Wophunzira atakhuta amagonja m'mphindi 15. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata imasunga moto mpaka usiku, ndiye khalani pakhonde kapena pamalo popita mphepo, pampando osati pamphasa, mutayatsa chothamangitsira udzudzu. Musadalire magetsi: tochi kapena nyali ya sola ikhale yodzaza, ndipo zonse zofunika zikhale papepala. Amene amagwira mashifiti ku minda ya nzimbe asinthe ola lokha, aike mphindi 50 zija atangodzuka, koma magawo atatuwo asasinthe.

Zida zake n'zochepa. Buku la malamulo a pamsewu, mapepala a mafunso ochokera kusukulu yanu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, kope limodzi, bolopeni yofiira ndi yabuluu, makadi pafupifupi 80 odulidwa ku katoni yopyapyala, ndi maenivelopu atatu. Samalani ndi mafunso a pafoni. Ambiri amene amayendayenda ndi a mayiko ena, ndipo ngakhale zikwangwani zathu zimafanana ndi za mayiko a SADC, manambala a liwiro, mitunda ndi zilango amasiyana. Pakakhala kusiyana, buku lanu ndi aphunzitsi anu ndiwo akhale oweruza. Sabata yoyamba yomweyo afunseni aphunzitsiwo za chiwerengero cha mafunso, nthawi imene amapereka, malikisi okhozera, ndi zikalata zoyenera kunyamula popita ku Rodi Trafiki. Mulembe zimenezi mkati mwa chikuto cha kope, chifukwa mayeso anu a Loweruka adzatsanzira zomwezo.

Sabata yoyamba ndi ya zikwangwani zokha. Ambiri amalakwitsa poloweza chikwangwani chimodzichimodzi kuyambira tsamba loyamba, ndipo akafika pa cha 40 zoyamba zija zasokonekera. Yambani ndi mabanja ake. Maonekedwe ndi mtundu zimakuuzani ntchito ya chikwangwani musanaone n'chithunzi chomwe chili mkati.

Lolemba muphunzire mabanja okhawo. Cha makona atatu chosongoka m'mwamba, cha mphepete yofiira, chimachenjeza za chimene chili kutsogolo. Chozungulira cha mphepete yofiira chimaletsa. Chozungulira chabuluu chimalamula kuti muchite chimene chajambulidwacho. Za makona anayi zambiri zimalozera njira kapena kudziwitsa. Ndipo chikwangwani chilichonse chikakhala ndi mkati mwachikasu m'malo mwa moyera, ndi chakanthawi, monga pamene akukonza msewu, koma mphamvu yake ndi yofanana ndi chokhazikika. Jambulani mabanjawa pamanja, molakwikalakwika momwemo. Dzanja limathandiza mutu kukumbukira.

Lachiwiri ndi la zikwangwani zochepa zimene sizitsata banja lililonse, ndipo n'zimene zimafunsidwa kawirikawiri: STOP cha makona asanu ndi atatu, chopatsa mpata cha makona atatu chosongoka pansi, choletsa kulowa chimene ndi chofiira chonse chokhala ndi kamzere koyera kopingasa, ndi cha msewu wopita mbali imodzi. Kusiyana kwa ziwiri zoyambazo kumvetseni bwino. Pa STOP matayala aime ndithu kumbuyo kwa mzere, ngakhale msewu uli pululu. Pa chopatsa mpata mumachepetsa liwiro, ndipo mumaima pokhapo pali wina woyenera kudutsa. Madzulo omwewo muonjezere zoletsa ndi zolamula.

Lachitatu ndi Lachinayi ndi za zochenjeza, chifukwa banja limeneli n'lalikulu. Theka tsiku lililonse. Apa muli ndi mwayi, popeza zambiri mumaziona ndi maso pa M1: ng'ombe ndi mbuzi zodutsa msewu, ana a sukulu, anthu oyenda pansi pa misika ya m'mbali mwa msewu, mlatho, makona ndi chitsetse cha m'phiri potsikira ku Thabwa. Chikwangwani chilichonse muchipatse malo enieni amene mumawadziwa, ndipo malowo muwalembe kuseri kwa khadi lake.

Lachisanu musaphunzire chatsopano. Sankhani zikwangwani zofanana nkhope, muziike ziwiriziwiri. Nambala 60 m'chozungulira cha mphepete yofiira ikuti musapitirire 60; nambala yomweyo m'chozungulira chabuluu ikuti musatsike pa 60. Chilembo P chodulidwa chimaletsa kupakika, pamene S wodulidwa amaletsa ngakhale kuima pang'ono kuti mutsitse munthu. Msewu wochepa mbali zonse ndi wosiyana ndi wochepa mbali imodzi. Kona yakuthwa ndi yosiyana ndi kona yofatsa, ndipo chitsetse si chikweza. Okonza mafunso a mayeso amakonda mapasa otere, chifukwa ndi pamene pamaonekera amene wangoona buku ndi amene walimvetsa.

Makadi amagwira ntchito motere. Kutsogolo chithunzi, kuseri tanthauzo ndi zimene woyendetsa ayenera kuchita. Onse amayambira mu enivelopu yoyamba, imene mumaitsegula tsiku lililonse m'mphindi 10 zoyamba zija. Khadi limene mwaliyankha bwino lipite mu yachiwiri, yotsegulidwa Lolemba ndi Lachinayi. Likakhozanso kumeneko lipite mu yachitatu, ya Loweruka lokha. Limene mwalakwa, kaya linali kale mu yachitatu, libwerere ku yoyamba. Potero nthawi yanu yochepayo imathera pa zimene zikukuvutani, osati pa STOP amene ngakhale mwana amamudziwa. Makadi asanu kapena khumi muziyenda nawo m'thumba, muziwaona sitolo ikakhala zii.

Loweruka loyamba yankhani mafunso 30 a zikwangwani zokha, nthawi ikuyenda. Kenako tsegulani kope, mulembe masamba ake omaliza kuti ndi a zolakwa. Funso lililonse limene mwaphonya lilembedwe ndi zinthu zitatu: yankho limene munasankha, yankho loona, ndi chifukwa chimene munalakwira. Chifukwacho ndiye chofunika kwambiri, ndipo tibwerako.

Sabata yachiwiri ndiyo yolemera, makamaka kwa munthu wa kuno. Kuchigwa msewu waukulu ndi umodzi wautali, ndipo maloboti, maraundabauti ndi misewu ya mizere ingapo si zinthu zimene mumakumana nazo tsiku ndi tsiku. Wa ku Blantyre amaziona ali m'minibasi n'kuziphunzira osadziwa. Inu muyenera kuzipanga patebulo. Jambulani mphambano yaikulu papepala, mutenge zitsekerero za mabotolo kapena mabokosi a machesi zikhale galimoto, ndipo funso lililonse la "adutse ndani" muliseweze ndi dzanja.

Lolemba ndi la mizere ya pamsewu. Mzere woyera wodukaduka pakati umalola kuuwoloka ngati kutsogolo kuli bwino. Wosaduka sulola kuuwoloka kuti mupitirire galimoto ina. Ikakhala iwiri yogundana, wina wosaduka wina wodukaduka, umene uli kumbali yanu ndiwo ukulamula inuyo; funso limeneli limagwetsa anthu ambiri chifukwa amayang'ana mzere wa mnzawo. Muonjezere mzere wachikasu wa m'mphepete, mzere wopingasa wosaduka woimira, wopingasa wodukaduka wopatsira mpata, mivi ya pansi, ndi powolokera anthu.

Lachiwiri ndi la maloboti ndi apolisi. Mtundu wachikasu ukutanthauza kuti imani, pokhapokha mwafika kale pafupi kwambiri moti kuima kungachititse ngozi. Sukutanthauza kuti thamangani. Wobiriwira umakulolani kupita ngati njira ili yotseguka. Ndipo wapolisi akamayendetsa galimoto pamphambano, dzanja lake limaposa loboti ndi chikwangwani chomwe.

Lachitatu ndi Lachinayi ndi za mphambano. Malamulo ake ndi ochepa: m'Malawi timayenda kumanzere ndi kupitirira cha kumanja, polowa pa raundabauti mumapatsa mpata amene akuchokera kumanja kwanu, pokhotera kumanja mumadikira amene akubwera kutsogolo kwanu molunjika, potuluka m'kanjira kulowa mumsewu waukulu mumadikira onse. Koma funso la pamayeso limasakaniza malamulo awiri kapena atatu, ndiye zolowerani kulimasula mwadongosolo. Choyamba, pali wapolisi? Ngati palibe, pali loboti? Ngati palibe, pali chikwangwani kapena mzere? Zonsezi zikasowa ndi pamene mumagwiritsa ntchito lamulo wamba.

Tiyeni tiseweze limodzi. Mukuchokera m'msewu wa fumbi, mwafika pa M1, pali STOP, ndipo mukufuna kukhotera kumanja. Lole ikubwera kuchokera kumanja kwanu, wakabaza wanjinga akuchokera kumanzere, ndipo kutsidya, m'kanjira kena kokhalanso ndi STOP, galimoto inafika pamodzi ndi inu ikufuna kuwoloka molunjika. Wapolisi palibe, loboti palibe, chikwangwani chilipo, ndiye mwaima. Lole ndi njinga zili mumsewu waukulu, zidutse zonse; njinga nayo ndi chombo cha pamsewu, kuchepa kwake sikuichotsera ufulu. Yatsala galimoto ya kutsidya. Iyo ikupita molunjika, inu mukudula njira yake, choncho idutse kaye. Inu ndinu womaliza. Mukaseweza mafunso asanu otere madzulo amodzi, muyamba kuona yankho musanamalize kuwerenga.

Lachisanu ndi la kupitirira galimoto ina ndi malo oletsedwa kutero: pakona, pachikweza pamene simukuona kutsogolo, pamphambano, powolokera anthu, pamlatho wopapatiza. Musaloweze ngati mndandanda. Chifukwa chake n'chimodzi, kuti simukuona mtunda wokwanira kapena wina angatulukire mwadzidzidzi, ndipo mukachigwira mudzayankha ngakhale funso limene simunalionepo.

Mayeso a Loweruka lachiwiri asakanize masabata onse awiri, ndipo ndi pano pamene ndondomeko imasiya kukhala ya aliyense n'kukhala yanu. Tiyerekeze kuti mwa mafunso 30 mwakhoza 19. Musangoti "ndalephera 11" n'kuyambiranso buku lonse. Agaweni 11 aja potengera chifukwa. Mwina asanu ndi a zikwangwani zofanana nkhope, anayi ndi a mphambano, awiri munkawadziwa koma munawerenga mothamanga osaona kuti funso likufuna chimene sichiloledwa. Matenda atatuwa mankhwala ake ndi osiyana. Zikwangwani zisanuzo makadi ake abwerere mu enivelopu yoyamba, pamodzi ndi mapasa ake. Mafunso anayi a mphambano mugawe limodzi tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, muliseweze ndi zitsekerero m'mphindi 10 zoyamba. Awiri othamangawo safuna buku konse. Afuna chizolowezi chodula mzere pansi pa mawu okana ndi opatula musanayang'ane mayankho. Wina amene wakhozanso 19 koma zolakwa zake zisanu ndi zitatu ndi zothamanga, iye sayenera kuwonjezera kuwerenga, ayenera kuchepetsa liwiro. Pali gulu lachinayi limene ambiri amabisa: mafunso amene mwakhoza mongolota. Poyankha muziika kadontho pa funso lililonse limene simunatsimikize, ndipo nalonso lilowe m'kope ngati lolakwa.

Sabata yachitatu ndi ya woyendetsa ndi galimoto yake, ndipo yambiri ndi yomveka yokha. Lolemba tengani pepala limodzi mukopere manambala onse a m'buku lanu: liwiro la m'tauni ndi kunja kwa tauni, mitunda yoletsedwa kupakika, mtunda woikira makona atatu ochenjeza galimoto ikafa, mulingo wa mowa m'magazi, ndi magulu a laisensi. Kodi B ndi ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake, A1 ndi A ndi za njinga zamoto, ndipo C1 ndi C ndi za zolemera kuposa apo. Pepala limeneli mulimate pakhoma pamene mumaona mukamavala. Manambala salowa m'mutu tsiku limodzi, amalowa pokumana nawo kawirikawiri.

Lachiwiri ndi la mtunda woimira, ndipo apa khalanipo pang'ono chifukwa kawerengedwe kake kamayankha mafunso ambiri. Galimoto yoyenda pa 60 imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ya pa 80 mamita 22. Mtunda umenewo umatha phazi lisanakhudze n'komwe buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna umawirikiza kanayi, osati kawiri. N'chifukwa chake mtunda wotsatira mnzanu umayezedwa ndi nthawi, masekondi osachepera awiri pamsewu wouma, n'kuwonjezera pamvula, pafumbi ndi usiku.

Lachitatu ndi la magetsi a galimoto, indiketa, hutala ndi zizindikiro za dzanja. Zadzanjazo muzichite ndi mkono wamanja mutakhala pampando. Lachinayi ndi la zikalata monga laisensi, inshuwalansi ndi COF, komanso lamba, matayala, katundu ndi zoyenera kuchita pakachitika ngozi. Lachisanu ndi la nyengo zovuta: kutsitsa magetsi pokumana usiku, madzi osefukira pamsewu, ndi kutsetsereka phiri ndi giya yaing'ono, popeza mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha n'kusiya kugwira. Aliyense amene anamvapo fungo la mabuleki a lole potsikira ku Thabwa funso limenelo sangaliphonye.

Chenjezo limodzi pa sabata imeneyi. Zimene mumaona pamsewu si zonse zili m'buku. Masamba a mitengo oikidwa pamsewu galimoto ikafa, minibasi yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, njinga yamoto yonyamula anthu atatu opanda chipewa, zonsezi maso anazolowera, ndipo pamayeso zimaoneka ngati yankho labwino. Amene anayamba kale kuyendetsa kumudzi kapena pa kabaza ndiwo amagwa kwambiri pamenepa. Funso limafuna lamulo, osati chizolowezi.

Loweruka lachitatu lembani mayeso athunthu, ofanana ndi enieni m'chiwerengero ndi m'nthawi. Mukapezeka muli kutali ndi malikisi okhozera, ndi bwino kukambirana ndi aphunzitsi zosuntha tsiku kusiyana n'kutaya ndalama ya mayeso ndi ya ulendo.

Sabata yachinayi mulibe mutu watsopano. Lolemba ndi Lachitatu mayeso athunthu, Lachiwiri ndi Lachinayi kukonza zolakwa za dzulo lake ndi kutsitsa enivelopu yoyamba. Gwiritsani ntchito mapepala amene simunawaonepo, kapena pemphani wina kunyumba akufunseni mosakaniza, chifukwa pepala lobwerezedwa katatu limakunamizani: mumakumbukira malo a yankho, osati lamulo. Mmene mungadziwire n'kosavuta. Phimbani mayankho, muyankhe funso m'mawu anu, ndipo munene chifukwa chake. Mukalephera, ndiye munaloweza chilembo chabe. Cholinga chikhale kuposa malikisi okhozera ndi mafunso atatu kapena anayi kawiri motsatizana, popeza m'chipinda cha mayeso mantha amadyako ena. Mayesowa amalembedwa pakompyuta, choncho ngati simunaizolowere pemphani kusukulu kapena kwa mnzanu muyeserepo kusankha yankho ndi kupita ku funso lotsatira, kuti tsikulo dzanja lisanjenjemere pa zinthu zosakhudza malamulo.

Ngati buku ndi mafunso anu ndi a Chingerezi, pakhadi lililonse mulembe dzina la chikwangwani momwe lalembedwera m'buku, tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chisena pansi pake. Kumvetsa kuchitike m'chilankhulo chanu, koma maso azolowere mawu amene adzakumane nawo.

Masiku ena adzakuphonyani, kaya ndi maliro, malungo kapena kuwerengera katundu kumapeto a mwezi. Musabweze powerenga maola atatu usiku umodzi. Mukaphonya tsiku limodzi, mutu wake ulowe m'theka loyamba la Loweruka. Mukaphonya awiri kapena atatu, bwerekani madzulo a Lamulungu, ndipo ngati pali chodula, dulani m'sabata yachitatu, pa mitu ya Lachitatu ndi Lachinayi imene ingaphatikizidwe tsiku limodzi. Zikwangwani ndi mphambano zisadulidwe. Ngakhale tsiku loipitsitsa, mphindi 10 za makadi zichitike.

Madzulo omaliza mayeso ali mawa, werengani masamba a zolakwa ndi pepala la manambala kwa mphindi 20 zokha, muike zikalata ndi malisiti m'chikwama, mugone. Ngati mukalembera ku Blantyre, nyamukani ndi minibasi yoyambirira kapena mukagone komweko dzulo lake, makamaka m'nyengo ya mvula pamene msewu umatha kuchedwetsa, ndipo kwa ochokera ku Bangula ndi ku Nsanje kugona komweko ndiye kwanzeru. M'minibasimo pemphani mpando wa kutsogolo, ndipo kuyambira pa mlatho wa Kamuzu mpaka kulowa m'tauni muzitchula chamumtima chikwangwani ndi mzere uliwonse musanaufike. M'chipindamo yankhani kaye zimene mukuzidziwa, werengani mayankho onse ngakhale loyamba likuoneka labwino, ndipo musasinthe yankho pokhapo mwakumbukira lamulo lenileni lokusinthitsani.